Kupana Pulagi ya Chingwe cha Netiweki: Chinsinsi Chagona pa Pini 3 ndi 6

Kumbuyo kwa kompyuta ya mu ofesi, kwa rauta ya intaneti kapena kwa kamera ya chitetezo kumakhala chingwe chomwe chimathera m'kapulagi ka pulasitiki koonekera mkati. Chingwe chimenechi ndi cha Ethernet, ndipo kapulagiko amisiri amakatchula kuti RJ45. Pamalo pomwe kamalowa pamakhala timagetsi tating'ono tomwe timayaka ndi kuphethira zipangizo ziwiri zikamamvana. Timagetsito tikazima, anthu amathamangira kuzimitsa ndi kuyatsanso rauta, ena amaimbira kampani ya intaneti, pomwe vuto likhoza kukhala lili m'kapulagi komweko, pamene waya mmodzi sanafike kumapeto kapena walowa m'njira ya mnzake.

Kulumikiza pulagi ku chingwe ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo aliyense wa maso abwino ndi manja odekha akhoza kuiphunzira. Chovuta nchakuti ambiri amangoloweza mndandanda wa mitundu ya mawaya osadziwa chifukwa chake. Munthu wotere akaiwala mtundu umodzi amadzipangira dongosolo lake, ndipo pamenepo mpomwe mavuto amayambira.

Zomwe zili m'kati mwa chingwe

Mukasenda khungu lakunja la chingwe cholembedwa kuti Cat5e kapena Cat6, mupeza mawaya 8 opyapyala a mkuwa, aliyense atavala khungu lakelake. Mawayawa sanangoponyedwamo. Anapotedwa awiriawiri, kupanga mapeyala anayi: ya olenji, ya girini, ya buluu ndi ya bulawuni. M'peyala iliyonse waya mmodzi amakhala wa mtunduwo yekhayekha, mnzakeyo amakhala woyera wokhala ndi mzera wa mtundu womwewo.

Kupota kumeneku ndiye moyo wa chingwe chonse. Uthenga suyenda m'waya mmodzi. Umayenda m'mawaya awiri a peyala imodzi nthawi imodzi, ndipo chipangizo cholandira chimayeza kusiyana kwa mphamvu ya magetsi pakati pa awiriwo. Panjira chingwe chimadutsa pafupi ndi mawaya a magetsi a m'nyumba, mababu aatali a mu ofesi, ngakhalenso mapeyala anzake a m'chingwe momwemo, ndipo zonsezi zimalowetsa chisokonezo m'mawaya. Popeza awiriwo apotana, chisokonezo chimawagwera mofanana. Zili ngati sikelo ya mbale ziwiri ya pamsika: mukaonjezera mwala wofanana mbale zonse ziwiri, kusiyana kwa kulemera kumakhalabe komwe kuja. Uthenga umafika wosaonongeka chifukwa chomwe chaonjezeka uku chaonjezekanso uko.

Apa mpomwe pachokera lamulo lalikulu la ntchitoyi. Mawaya awiri omwe anyamula uthenga umodzi ayenera kukhala a peyala imodzi, opotana kuchokera pa pulagi iyi mpaka pa pulagi inayo.

Madongosolo awiri a mitundu

Pulagi ili ndi mapini 8 onyezimira ngati golide. Kuti muwawerenge bwino, igwireni moti mapiniwo ayang'ane kwa inu ndipo aloze m'mwamba, kachingwe kalowere pansi, ndipo kandowe kokanikiza pochotsa pulagi kakhale kumbuyo. Ikakhala chonchi, pini 1 ili kumanzere, pini 8 kumanja.

Mapiniwa amagwira ntchito awiriawiri, koma osati m'mene munthu angaganizire. Pini 1 imayendera limodzi ndi 2, pini 7 ndi 8, pini 4 ndi 5, ndipo pini 3 imadumpha ziwiri za pakatizo nkukayendera limodzi ndi 6. Kudumpha kumeneku kunachokera ku mawaya a telefoni ku America, komwe laini yoyamba inkakhala pa mapini awiri a pakati, yachiwiri nkukhala mbali ndi mbali mwa yoyambayo. Netiweki ya makompyuta inapeza dongosololi lili kale ndipo inalitengera.

Mu 1991 mabungwe oona za miyezo ya zipangizo zolumikizirana ku America anatulutsa muyezo wa TIA/EIA-568, ndipo madongosolo awiri omwe dziko lonse limatsata lero amadziwika ndi dzina lake. Lomwe mungalipeze kwambiri pa zingwe zogula zopana kale ndi T568B:

1. woyera wa mzera wa olenji
2. olenji
3. woyera wa mzera wa girini
4. buluu
5. woyera wa mzera wa buluu
6. girini
7. woyera wa mzera wa bulawuni
8. bulawuni

Linalo ndi T568A:

1. woyera wa mzera wa girini
2. girini
3. woyera wa mzera wa olenji
4. buluu
5. woyera wa mzera wa buluu
6. olenji
7. woyera wa mzera wa bulawuni
8. bulawuni

Mukawayang'anitsitsa muona kuti buluu ndi bulawuni sasuntha. Chasintha nchakuti peyala ya olenji ndi ya girini zasinthana malo basi. M'madongosolo onse awiri, woyera ndi wa mtundu amatsatana mosinthanasinthana kuyambira pa pini 1 mpaka 8, choncho mukaona oyera awiri atagundizana, dziwani kuti penapake palakwika.

Palibe lomwe limathamangitsa intaneti kuposa linzake. Magetsi sadziwa mtundu wa khungu la waya. Chofunika nchakuti mbali zonse ziwiri za chingwe zikhale ndi dongosolo limodzi, ndipo ngati mukuonjezera pa netiweki yomwe ilipo kale, tsatirani lomwe mwalipeza. Chingwe chomwe mbali ina ndi A ndipo ina ndi B chimakhala chopingasa. Kale chinkapangidwa dala polumikiza makompyuta awiri popanda swichi pakati. Zipangizo zambiri za masiku ano zili ndi Auto MDI-X, luso lozindikira kupingasako nkudzikonza zokha, koma zakale zina zilibe, ndipo chingwe chopingasa mwangozi chikhoza kugwira pa kompyuta iyi nkukana pa inayo.

Kupana kwenikweni

Mufunika chopanira mapulagi, chomwe chimaoneka ngati pulayasi yokhala ndi bowo la pulagi ndi mpeni wodulira, komanso tesita ya zingwe. Mapulagi gulani ochulukirapo, chifukwa pulagi ikapanidwa kamodzi siigwiritsidwanso ntchito. Ngati muli ndi kachipewa ka labala koteteza pulagi, kalowetseni ku chingwe musanayambe, popeza mukapana sikangalowenso.

Sendani khungu lakunja masentimita atatu. Mpeni ungolemba mzera mozungulira, kenako pindani chingwe pamzerapo kuti khungu lithetheke lokha. Mukalowetsa mpeni kwambiri mucheka mawaya a m'kati, ndipo waya wochekedwa amatha kugwira lero nkuthyoka patapita sabata. Yang'anani pomwe khungu lathera. Mukaona mkuwa ukunyezimira, dulani muyambirenso. Dulaninso kaulusi koyera komwe kamakhala m'katimo, ndi kamtanda ka pulasitiki komwe kamalekanitsa mapeyala m'zingwe zambiri za Cat6.

Potololani mapeyala mpaka pomwe khungu lathera, ndipo wongolani waya aliyense pomukoka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ayaleni m'dongosolo lomwe mwasankha, kuyambira kumanzere, agundizane ngati kalamba kafulati. Apanikizeni ndi chala pomwe atulukira m'khungu, muwagwedeze pang'ono uku ndi uku kuti akhazikike, ndipo musawasiye kufikira ntchito itatha.

Tsopano aduleni onse pamodzi, mowongoka, kuti kuchokera pa khungu patsale mamilimita 13 okha. Muyezo umenewu uli ndi zifukwa ziwiri. Umachepetsa gawo losapotedwa, lomwe ndi khomo la chisokonezo, ndipo umalola khungu lakunja kulowa m'pulagi. Mawaya aang'onowo musawasende. Pini iliyonse ili ndi timano kunsi kwake, ndipo chopanira chikaikankha, timanoto timaboola khungu la waya nkuluma mkuwa.

Lowetsani mawaya m'pulagi, mapini akuyang'ana kwa inu, nkukankha mwamphamvu ndithu. Musanapane, onani zinthu zitatu. Yang'anani pulagi kumaso kwake: muone timadontho 8 ta mkuwa tagunda pulasitiki ya kumapeto. Yang'anani pamwamba, muwerengenso mitundu kuyambira 1 mpaka 8, chifukwa polowa mawaya amakonda kusinthana, makamaka buluu ndi girini. Yang'anani cham'mbali: khungu lakunja likhale litadutsa kampanda ka pulasitiki komwe kali chakumbuyo kwa pulagi. Zonse zikakhala bwino, ikani pulagi m'chopanira ndi kufinya mpaka mapeto. Mukatulutsa, mapini onse akhale atamira mofanana, ndipo mukakoka chingwe pang'ono pulagi isasunthe.

Pali mapulagi ena oboola kutsogolo, omwe mawaya amatulukira kunja. Amathandiza woyamba kumene chifukwa mitundu imaoneka bwino, koma amafuna chopanira chake chokhala ndi mpeni wodula zotsalazo mosalala. Zikatsala zazitali, nsonga za mkuwa zikhoza kugundana kapena kulepheretsa pulagi kulowa bwino.

Kuwerenga tesita

Tesita wamba ili ndi zidutswa ziwiri, chachikulu cha batire ndi chaching'ono chomwe mumapita nacho kumapeto ena a chingwe. Chilichonse chili ndi timagetsi 8. Chachikulu chimatumiza magetsi m'waya mmodzimmodzi, ndipo pa chaching'ono timagetsi tiyenera kuyaka motsatana, 1 mpaka 8. Poyeza, chingwe chikhale chozulidwa ku zipangizo zonse.

Kagetsi kamodzi kakadumphidwa, wayayo sanalumikizike. Kawirikawiri amakhala kuti anali wamfupi ndipo pini inaluma mphepo, kapena chopanira sichinafinyidwe mokwanira. Zotsatira zake zimatengera pini yomwe yafa. Netiweki ya liwiro la mamegabiti 100 pa sekondi imagwiritsa ntchito mapini 1, 2, 3 ndi 6 okha, choncho imodzi mwa zimenezi ikafa, kulumikizana kwatha. Ya liwiro la gigabiti imodzi, yomwe muyezo wake unatuluka mu 1999, imafuna mapeyala onse anayi. Ikafa pini 4, 5, 7 kapena 8, zipangizo zambiri zimatsikira mwakachetechete pa 100, ndipo zina zimakaniratu kulumikizana. Munthu amangoona kuti mafayilo akuchedwa kusamuka osadziwa kuti waya wa bulawuni sanafike.

Timagetsi tikayaka m'dongosolo la 3, 6, 1, 4, 5, 2, 7, 8, ndiye kuti mbali ina mwapana A, ina B. Tikayaka chobwerera, kuyambira 8 kutsika mpaka 1, ndiye kuti mbali imodzi munagwira pulagi chadodolido, kandowe kakuyang'ana kwa inu, ndipo chingwe chotere sichinyamula Ethernet. Tiwiri tikasinthana, mwachitsanzo 1, 2, 3, 4, 6, 5, 7, 8, mawaya awiri anapingasana polowa. Tiwiri tikayakira limodzi, pali mawaya omwe mkuwa wawo ukugundana.

Chingwe chomwe tesita imachivomereza koma nchakufa

Tiyerekeze kuti pa sukulu ina akufuna kulumikiza kompyuta ya ku laibulale ku swichi yomwe ili mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, mtunda wa mamita 60. Wogwira ntchitoyo wamva kuti chofunika nchakuti mbali zonse zifanane, ndiye wayala mawaya m'njira yooneka yaudongo: woyera wa olenji, olenji, woyera wa girini, girini, woyera wa buluu, buluu, woyera wa bulawuni, bulawuni. Wachita chimodzimodzi mbali inayo. Waika tesita, timagetsi tayaka bwinobwino, 1 mpaka 8. Koma atalumikiza, kagetsi ka pa swichi kakungoyaka ndi kuzima, ndipo kompyuta nthawi zina ikulemba kuti `Network cable unplugged`.

Asanadule chilichonse, achepetse kaye malo okayikitsa. Atenge kompyutayo apite nayo mu ofesi, ailumikize pa bowo lomwelo la swichi ndi kachingwe kakafupi kogula. Ikagwira, ndiye kuti kompyuta ndi swichi zilibe mlandu, vuto lili m'chingwe chachitalicho. Ngati kompyutayo ili ndi Linux, akhoza kufunsanso momwe kulumikizana kulili, poika dzina la khadi lake la netiweki m'malo mwa `eth0`:

```
ethtool eth0
```

Mizera yofunika ndi ya `Speed` ndi `Link detected`. Pa kachingwe kakafupi iwonetsa liwiro lonse. Pa chachitali chija ikhoza kuwonetsa `Link detected: no`, kapena liwiro lotsika, kapenanso kulumikizana koma mauthenga nkumatayika panjira.

Tsopano tiyang'ane m'pulagi muja. Mapini 1 ndi 2 ali ndi peyala ya olenji, palibe vuto. Mapini 7 ndi 8 ali ndi ya bulawuni, nawonso ali bwino. Koma pa pini 3 pali woyera wa girini, pomwe pa pini 6 pali buluu. Awiriwa ndi omwe ayenera kunyamula uthenga umodzi, koma ndi a mapeyala osiyana, ndipo sanapotane paliponse m'mamita 60 onsewo. Aliyense wapotana ndi waya wonyamula uthenga wina, wa pa pini 4 kapena 5. Chisokonezo chomwe chagwera uyu nchosiyana ndi chomwe chagwera uyo, ndiye sichifafanizika. Tesita wamba siingaone zimenezi chifukwa imangofunsa ngati magetsi olowa pa pini 3 akutulukira pa pini 3, ndipo yankho ndi inde. Siidziwa kuti wayayo wapotana ndi yani.

Vutoli limanyenga chifukwa pa chingwe cha mita imodzi kapena ziwiri nthawi zina chimagwira ndithu, munthu nkukhulupirira kuti dongosolo lake nlabwino. Chingwe chikamatalika ndi liwiro likamakwera mpomwe chimagwa. Pali matesita odula omwe amalizindikira, koma njira yosafuna ndalama ndi maso: yang'anani m'pulagi, muone ngati pini 3 ndi pini 6 zili ndi mtundu umodzi, girini pa B kapena olenji pa A. Mankhwala ake ndi kudula mapulagi onse awiri ndi kupana atsopano. Kukonza mbali imodzi yokha kungangoonjezera chisokonezo.

Pamene pulagi ndi chingwe sizikugwirizana

Nthawi zina mitundu ili bwino, manja anagwira bwino, koma chingwe chimagwira mukachipinda uku nkusiya mukachipinda uko. Chifukwa choyamba ndi khungu lakunja lomwe linathera panja pa pulagi. Zikatero kulemera konse kwa chingwe kumapachikika pa timano ta mapini, ndipo kuzula ndi kulowetsa kwa tsiku ndi tsiku kumamasula mawaya mmodzimmodzi.

Chachiwiri ndi mtundu wa waya. Zingwe zoyala m'makoma ndi kudenga, zomwe zimagulitsidwa m'makatoni a mamita 305, zimakhala ndi waya wa mkuwa umodzi wolimba. Zingwe zazifupi zofewa za pa tebulo zimakhala ndi timaulusi tambiri ta mkuwa. Pini yopangidwira timaulusi imabaya pakati penipeni, ndipo ikakumana ndi waya wolimba imatha kutsetsereka kapena kumuthyola. Yopangidwira waya wolimba ili ndi timano totanyula tomwe timamugwira mbali zonse. Werengani pa paketi musanagule. Kumbukiraninso kuti mawaya a Cat6 kawirikawiri amakhala onenepa pang'ono kuposa a Cat5e, moti amavuta kulowa m'pulagi ya Cat5e ndipo ena amatsalira panjira.

Chachitatu ndi chingwe chotchipa cholembedwa kuti CCA, chomwe waya wake ndi aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba pokha. Mukapala nsonga yake ndi mpeni, m'kati mumaoneka moyera. Waya wotere sachedwa kuthyoka pansi pa pini, ndipo magetsi amavutika kudutsamo kuposa mu mkuwa weniweni. Zimenezi zimapweteka kwambiri makamera ndi zipangizo za Wi-Fi zomwe zimalandira magetsi ake kudzera m'chingwe chomwecho, njira yotchedwa PoE, chifukwa pa mtunda wautali mphamvu imafika yochepa ndipo chipangizo chimangozima ndi kuyaka.

Pomaliza pali utali. Malire a chingwe cha Ethernet cha mkuwa ndi mamita 100 kuchokera pa chipangizo china kufika pa chinzake. Mtunda ukapitirira pamenepo, kupana kwabwino sikungathandize, pamafunika swichi pakati kapena chingwe cha faiba. Ndipo tesita ikasonyeza waya wakufa ngakhale mwasintha mapulagi onse awiri, lekani kuononga mapulagi, mulondole chingwe chonse. Yang'anani pomwe chapanikizidwa ndi chitseko, pomwe chakhomeredwa ndi msomali, pomwe chapindidwa mwamphamvu pakona, ndi kudenga komwe makoswe amatafuna.

Pulagi yokayikitsa musaifinyenso kachiwiri ndi chiyembekezo chakuti igwira. Iduleni, musende malo atsopano, ndipo chifukwa cha ichi siyani chingwe chotsalirako pang'ono mbali zonse poyala. Sankhani dongosolo limodzi la nyumba yonse, mulilembe pa kapepala nkumata pafupi ndi swichi, kuti wobwera kudzakonza mawa asadzapane A pomwe inu munapana B.